Musanachonge ana, chongani kaye pepala la mayankho

Masiku ano mafunso ambiri amene ana athu amalemba m'kalasi safika pa sukulu m'envulopu. Amafika pa foni. Mphunzitsi wina wa ku Dedza akapeza pepala labwino la masamu amalijambula n'kuliponya pa gulu la aphunzitsi la WhatsApp, mnzake wa ku Mulanje n'kulitenga, kupita nalo pa malo ochitira fotokope, ndipo Lolemba m'mawa ana 90 a Sitandade 7 ali nalo m'manja. Nthawi zambiri pepala lotere limabwera ndi mayankho ake pa tsamba lomaliza, ndipo mphunzitsi wotopa amayamika, chifukwa ntchito yokonza mayankho wina wamugwirira kale.

Vuto ndi lakuti mapepala amenewa sadutsa m'manja mwa owaunika monga amachitira mabuku ochokera ku bungwe la MIE ku Domasi kapena mayeso a bungwe la MANEB. Munthu mmodzi analemba usiku, wina anataipa, wina anachotsapo funso limodzi kuti pepala likwane masamba awiri, wina anajambula ndi foni kuwala kuli kochepa. Pa dzanja lililonse cholakwika chikhoza kulowa. Ndipo cholakwika cha pa pepala la mayankho n'choipa kuposa cha m'kope la mwana, chifukwa cha mwana chimapweteka mwana mmodzi, pamene ichi chimakhwatcha kalasi yonse, ndipo chimayambira pa ana amene akhoza.

Tiyeni titsatire mphunzitsi mmodzi, mayi wophunzitsa masamu mu Sitandade 7, pamene akukonza mayankho a pepala lotere madzulo a Lamlungu. Pepala lake n'longoyerekezera, ndipo ndaunjikapo dala zolakwika zambiri kuposa zimene mungapeze pa pepala limodzi, kuti tione mitundu yake. Koma chilichonse mwa izo aphunzitsi amakumana nacho. Mafunso ake ali m'Chingerezi monga zimakhalira m'makalasi apamwamba. Ine ndiwanena m'Chichewa. Gawo A lili ndi mafunso 15 osankha pakati pa A, B, C ndi D, lililonse malikisi amodzi. Gawo B lili ndi mafunso 10 osonyeza njira, lililonse malikisi awiri. Onse pamodzi ndi malikisi 35.

Asanawerengere kalikonse, mayiyu akuyamba wayang'ana chithunzi chenichenicho. Akuona ngati manambala a mafunso akutsatana bwino, ngati m'mphepete mwa tsamba simunadulidwe, ndiponso ngati palibe pamene pepala linapindika mawu n'kubisika. Akukulitsa chithunzicho ndi zala pa malo onse pamene pali tizilembo ting'onoting'ono: kadontho ka desimo, kanambala kokhala pamwamba monga ka mu 5², mzere wa fulakishoni, zizindikiro zogawira ndi zophatikizira. Tinthu timeneti ndi timene timayamba kufa pepala likajambulidwa kangapo. WhatsApp imachepetsa ubwino wa chithunzi chikatumizidwa monga chithunzi wamba, choncho ngati pepala silikuoneka bwino, njira yachidule ndiyo kupempha wotumizayo kuti alitumizenso posankha pamene palembedwa Document, apo libwera mmene analijambulira. Ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pa foni otulutsa mawu pa chithunzi kuti asavutike kutaipa. Pa mawu wamba amathandiza ndithu, koma pa masamu ndi osadalirika: 5² amatuluka 52, 3¼ amatha kutuluka 314, ndipo chilembo O ndi nambala 0 amazisokoneza. Wogwiritsa ntchito njira imeneyi ayenera kufananiza nambala iliyonse ndi chithunzi.

Kenako akuchita chinthu chimene chili pa mtima pa nkhani yonseyi: tsamba la mayankho sakulitsegula. Akutenga pepala loyera, akulemba mizere yotsika kuti pakhale malo anayi, a nambala ya funso, a yankho lake, a yankho losindikizidwa, ndi a ndemanga, n'kuyamba kuyankha mafunso onse yekha ngati mwana wa sukulu.

Wina anganene kuti uku n'kutaya nthawi, bwanji osangoyang'ana yankho lililonse n'kuona ngati likumveka. Koma diso la munthu likaona kale yankho, mutu umayamba kufunafuna njira yofikira pamenepo, osati yofikira pa choona. Mukaona 20% yolembedwa bwino ndi makina, mupeza njira yotulutsira 20%, ndipo mukhutira. Zilembo zosindikiza zili ndi ulemu wake umene zolemba pamanja zilibe, ndipo ambirife tinakula tikukhulupirira kuti za m'buku sizinama. Mphunzitsi amene wayankha yekha asanaone za mwini pepala amakhala ndi mboni ziwiri zimene sizinapangane. Zikagwirizana mtima umakhala m'malo, zikasiyana wadziwa poyang'ana. Kufulumira kwa njirayi kuli pomwepa: m'malo mofufuza mafunso onse 25 mozama, afufuza okhawo amene mboni ziwirizi zatsutsana. Kwa mphunzitsi wozolowera phunziro lake, kuyankha pepala la Sitandade 7 la msinkhu umenewu si ntchito yofika ola.

Atamaliza akutsegula tsamba lija n'kukopera mayankho ake m'malo achitatu. Mafunso 15 agwirizana. Mafunso 10 asiyana: anayi m'gawo A, asanu ndi limodzi m'gawo B.

Zosiyana zikaunjikana pamodzi

M'gawo A, kuyambira funso 1 mpaka 10 zonse zili bwino. Kuyambira 11 zinthu zasokonekera. Mayiyu wapeza B, D, D, A, C pa mafunso 11 mpaka 15, koma pepala likuti A, B, D, D, A. Funso 13 lokha ndi limene lagwirizana.

Mphunzitsi amene wakhoza mafunso khumi motsatizana sangayambe mwadzidzidzi kulephera anayi mwa asanu, pokhapokha ngati mafunsowo ndi a mutu umene saudziwa. Choncho asanabwerezenso masamu aliwonse, akuyang'ana kaye mndandanda wa zilembozo. B wake wa funso 11 ali pa 12 m'pepala losindikizidwa. D wake wa 12 ali pa 13. D wa 13 ali pa 14, A wa 14 ali pa 15. Mayankho onse atsetsereka ndi malo amodzi. Akuwerenga zilembo za gawo A pa tsamba la mayankho, akupeza kuti zilipo 16, ndipo chomaliza ndi C, pamene mafunso alipo 15. Nkhani yamveka: pepala loyambirira linali ndi mafunso 16, wina anachotsa funso 11 n'kukonza manambala a mafunso, koma tsamba la mayankho analiiwala. Ngakhale funso 13 lija linagwirizana mwangozi chabe, chifukwa ma D awiri anatsatana.

Cholakwika chimenechi chimakonzeka m'kamphindi, koma chikapanda kuoneka chimadya malikisi ambiri nthawi imodzi. Kuwerenga chabe kuchuluka kwa mafunso ndi kuchuluka kwa mayankho kumachigwira. Mlongo wake wa cholakwikachi amabwera pamene wina wasintha malo a A, B, C ndi D pofuna kuti ana asaonerane, koma osasintha mayankho. N'chifukwa chake pa pepala lanu la mayankho ndi bwino kulemba chilembo pamodzi ndi yankho lenileni, monga "B, 48", osati "B" yekha.

Yankho lolakwika limasiya mapazi

Gawo B ndi limene likufuna kudekha, chifukwa funso lililonse lili ndi nkhani yake. Lamulo limene mayiyu akutsata ndi ili: sanena kuti pepala lalakwa kufikira atapeza mmene linalakwira. Monga mlenje amadziwira nyama poona mapazi ake, yankho lolakwika limasonyeza njira imene mwini wake anadzera. Ngati simungathe kufotokoza kumene nambala yosindikizidwayo yachokera, musafulumire, mwina wolakwa ndinu.

Funso 2 likuti 347 × 26. Iye wapeza 9,022, pepala likuti 9,202. Pali njira zachidule zoyesera yankho la kuchulukitsa, ndipo funso ili likusonyeza bwino mphamvu ndi malire a iliyonse. Yoyamba ndi ya nambala yomaliza: 7 kuchulukitsa ndi 6 ndi 42, choncho yankho liyenera kuthera ndi 2. Onse awiri akuthera ndi 2, apa sitinathandizike. Yachiwiri ndi yophatikiza manambala a m'yankho, imene ena amaitcha yotaya ma 9. Manambala a 347 akaphatikizidwa amapereka 14, ndipo 1 ndi 4 ndi 5. A 26 amapereka 8. Ndiye 5 kuchulukitsa ndi 8 ndi 40, kutanthauza 4. Yankho loona liyeneranso kutsikira pa 4. Manambala a 9,022 amapereka 13, kutanthauza 4. Koma a 9,202 nawonso amapereka 13. Njira imeneyi imagwira zolakwika zambiri, koma ndi yakhungu pamene manambala angosinthana malo, chifukwa kuphatikiza sikusamala kuti watsogola ndani.

Imene yagwira wakuba ndi njira yachitatu, yoyerekezera. Nambala 347 ili pafupi ndi 350, ndipo 350 × 26 ndi 9,100. Popeza 347 ndi yochepera 350, yankho liyenera kukhala pansi pa 9,100. Choncho 9,202 sangakhale woona. Pofuna kutsimikiza, mayiyu akuchotsa magulu atatu a 26, amene ndi 78, pa 9,100, n'kupeza 9,022. Mapazi ake ndi awa: manambala ndi omwewo, 0 ndi 2 angosinthana malo, chala cha wotaipa chinaterereka. Pali chizindikiro chimene osunga mabuku a ndalama amachidziwa bwino: manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwa yankho loona ndi lolakwika kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa kusiyanako ndi 180, ndipo 180 kugawa ndi 9 ndi 20.

Funso 4 likutiphunzitsa kudzichepetsa. Pa chithunzi likuoneka ngati 84 + 12, ndipo mayiyu walemba 96. Pepala likuti 7. Kusiyana kwakukulu chotere sikungabwere ndi kuterereka kwa chala. Akudzifunsa kuti: kodi 84 ndi 12 angabale bwanji 7? Yankho likubwera lokha, 84 kugawa ndi 12. Akukulitsa chithunzi, ndipo zoonadi chizindikirocho chinali chogawira, koma inki inafalikira, timadontho tiwiri tija tinagwirana ndi kamzere ka pakati n'kuoneka ngati mtanda. Apa pepala la mayankho silinalakwe. Lathandiza kuwerenga funso. Koma ntchito sinathe, chifukwa ngati iye, wokhala ndi foni yokulitsira, anaona chophatikizira, ana 90 okhala ndi fotokope yotuwa adzaonanso chomwecho. Akuyenera kukonza chizindikirocho ndi cholembera chakuda pa pepala loyamba asanachulukitse, kapena kulemba funsolo pa bolodi ana asanayambe. Ngati ana analemba kale, chilungamo n'chakuti wopeza 96 alandirenso malikisi, poti anayankha funso limene anapatsidwa.

Funso 5 ndi 12 + 8 ÷ 4 × 2. Iye wapeza 16, pepala likuti 10. Kutsata lamulo la BODMAS limene ana amaliloweza, kugawa ndi kuchulukitsa kumatsogola kuphatikiza, ndipo ziwirizo zikakumana timayambira kumanzere: 8 kugawa ndi 4 ndi 2, kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, kuphatikiza 12 ndi 16. Nanga 10 wachokera kuti? Mayiyu akuyesa kuwerengera kuchokera kumanzere kupita kumanja osasamala lamulo: 12 ndi 8 ndi 20, kugawa ndi 4 ndi 5, kuchulukitsa ndi 2 ndi 10. Mapazi apezeka. Mwina wokonza mayankhoyo anangodina manambala motsatizana pa kakyuleta wamba wa m'sitolo, amene amawerengera chizindikiro chilichonse chikangodinidwa. Kakyuleta ya sayansi imadikira mpaka kumapeto n'kupereka 16. Izi zikutichenjezanso kuti kakyuleta si woweruza womaliza: makina awiri akhoza kupereka mayankho awiri pa funso limodzi. Ana ena adzapeza 13, poyamba kuchulukitsa 4 ndi 2 n'kugawa 8 ndi 8. Mayiyu akulemba zonsezi m'malo a ndemanga, kuti pochonga adziwe msanga matenda a mwana aliyense.

Funso 7 ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa cholakwika chake si cha chala kapena cha makina, ndi cha kamvedwe. Mayi wa geni wagula thumba la mbatata pa K8,000 n'kuligulitsa pa K10,000. Phindu lake ndi maperesenti angati? Mphunzitsi wathu wapeza 25%, pepala likuti 20%. Onse awiri akuvomereza kuti phindu ndi K2,000. Asiyana pa chogawira. Iye wagawa K2,000 ndi mtengo wogulira, K8,000, n'kupeza gawo limodzi mwa magawo anayi. Mwini pepala wagawa ndi mtengo wogulitsira, K10,000, n'kupeza gawo limodzi mwa magawo asanu. M'masamu a ku pulayimale peresenti ya phindu imawerengedwa pa mtengo wogulira, chifukwa funso lenileni ndi lakuti ndalama imene munaika yabala zingati.

Njira yotsimikizira ndiyo kubweza yankho m'funso. Ngati phindu likanakhala 20% ya K8,000, likanakhala K1,600, ndipo mbatatayo ikanagulitsidwa pa K9,600. Funso likuti K10,000. Koma 25% ya K8,000 ndi K2,000, imene ikutifikitsa ndendende pa K10,000. Kubweza yankho m'funso ndi chida champhamvu kuposa zonse pa ntchito imeneyi, ndipo chimaposa kubwereza masamu omwewo kachiwiri, chifukwa munthu akabwereza njira yomweyo amakonda kupunthwa pa mwala womwewo.

Chondidetsa nkhawa pa cholakwika cha mtundu uwu n'chakuti 20% ndi yankho limene ana ambiri osamvetsa adzapeza. Mphunzitsi wochonga ndi pepala losindikizidwa adzaona makope ambiri akugwirizana nalo, ndipo sadzakayika kalikonse. Adzachonga olakwa, adzakhwatcha ochepa amene anamvetsa. Mwana amene anakhoza adzabwerera kunyumba atakhulupirira kuti njira yake ndi yolakwika, n'kuphunzira yolakwikayo, ndipo chaka chamawa adzalowa nayo m'chipinda cha mayeso a PSLCE.

Pamene onse awiri sanalakwe

Funso 9 lili ndi mzere wojambulidwa pakati pa midzi iwiri. Ana akuuzidwa kuti auyeze ndi rula, ndipo sentimita imodzi ikuimira makilomita 5. Pepala likuti makilomita 50. Mayiyu anayeza pa fotokope imene anachita Loweruka, anapeza masentimita 7.1, kutanthauza makilomita 35.5. Pa pepala loyambirira mzerewo unali masentimita 10. Koma pofuna kupulumutsa ndalama, iye anapempha kuti masamba awiri aikidwe pa nkhope imodzi ya pepala la A4, ndipo zikatero utali wa chilichonse umatsika kufika pa magawo pafupifupi 71 mwa 100. Ngakhale popanda kuchita zimenezo, kujambula ndi foni ndi kupulinta kumasintha msinkhu wa zojambula pang'ono. Choncho pa funso lililonse lofuna rula, yankho losindikizidwa lilibe ntchito. Yankho loona lili pa pepala limene mwana wagwira m'manja. Mayiyu akulemba kuti alandira kuyambira makilomita 35 mpaka 36, polola kusiyana kwa milimita imodzi mbali zonse, popeza marula a ana si ofanana ndipo maso awonso ndi osiyana. Ngodya sizisintha pepala likachepetsedwa mofanana mbali zonse, koma ngati wojambula anapendeketsa foni, nazonso zimapotoka, ndipo ziyenera kuyezedwanso.

Funso 10 ndi lofatsa. Likufunsa kukula kwa malo a m'kati mwa chozungulira chimene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi masentimita 7. Iye wapeza 154, pepala likuti 153.86. Kusiyana kochepa chotere nthawi zambiri kumachokera pa nambala yongoyandikira. Iye anatenga π ngati 22/7, mwini pepala anatenga 3.14, ndipo funso silinanene yoti atenge. Onse awiri ndi olandirika. Akulemba onse pa pepala lake, n'kuwonjezera kuti mwana asaiwale kuti ndi masikweya sentimita.

Nanga mafunso 15 amene anagwirizana aja? Mboni ziwiri zikhoza kunama mofanana, makamaka pa misampha yodziwika ngati ya phindu ija. Mayiyu sakuwawerengeranso, koma akuwadutsa ndi diso limodzi, kufunsa ngati yankho lili ndi nzeru. Chotsala pogawa sichingakule kuposa nambala yogawira. Avereji singapose nambala yaikulu pa zonse. Munthu woyenda pansi sayenda makilomita 60 pa ola. Funso lofunsa utali wa mpanda siliyankhidwa ndi masikweya mita. M'mafunso osankha akuonanso ngati palibe zilembo ziwiri zonena chinthu chimodzi, monga ½ pa A ndi 0.5 pa C.

Kunja kwa masamu zolakwika zimabwera ndi nkhope ina, kawirikawiri ya ukalamba. Pepala limene lakhala likuchitidwa fotokope kwa zaka zambiri likhoza kunena kuti mapulaneti ozungulira dzuwa alipo 9, pamene kuyambira 2006 akatswiri a zakuthambo anachotsa Pluto pa mndandanda n'kutsala 8. Likhoza kutchula chiwerengero chakale cha maboma a dziko lino, pamene tsopano alipo 28. Likhoza kufuna yankho lakuti Swaziland, dzina limene linasintha kukhala Eswatini mu 2018. Palinso zaka zoyandikana zimene anthu amazisokoneza: Malawi analandira ufulu wodzilamulira mu 1964, n'kukhala lipabuliki mu 1966. Pa mafunso otere palibe kubweza yankho m'funso. Woweruza ndi buku la ophunzira ndi buku la mphunzitsi zimene zikugwiritsidwa ntchito panopa, ndipo ndi bwino kulemba nambala ya tsamba m'malo a ndemanga, kuti wina akadzatsutsa musadzayambenso kufufuza.

Makope a ana ndi mboni yachitatu

Lolemba ana alemba. Asanayambe kuchonga mulu wonse, mayiyu akutulutsa makope asanu kapena asanu ndi limodzi a ana amene amawadziwa kuti masamu amawatha, n'kuchonga amenewo poyamba. Ngati onsewo alephera funso limodzi, ndipo onse alemba yankho lofanana, akuima n'kubwerera ku funsolo. Ana ochenjera akalakwa, aliyense amalakwa mwa njira yake. Akagwirizana pa yankho limodzi losiyana ndi la mphunzitsi, kawirikawiri aona chinthu chimene mphunzitsi sanachione. Kuchita zimenezi pa makope asanu n'kopepuka. Kuzindikira cholakwika mutafika pa kope la 70 ndiye kubwerera m'mbuyo mulu wonse ndi cholembera chofiira.

Tiwerengere tsopano chimene chikanachitika mayiyu akanangotenga tsamba lomaliza lija n'kuyamba kuchonga. Mwana amene wakhoza zonse akanataya malikisi 4 m'gawo A, ndi malikisi awiriawiri pa mafunso 2, 5, 7 ndi 9 a gawo B. Onse pamodzi ndi 12. Akanapeza 23 pa 35, kutanthauza 66%, mwana woyenera 100%. Ndipo mnzake wogawa phindu ndi mtengo wogulitsira, wosasamala BODMAS, akanalandira malikisi anayi aulere.

Funso likapezeka kuti ndi lowonongeka kotheratu, monga losankha limene pa zilembo zonse zinayi palibe choona, njira yachilungamo ndiyo kulichotsa n'kutsitsa malikisi onse, apa kuchoka pa 35 kufika pa 34, n'kuwerengera maperesenti pa nambala yatsopanoyo. Aphunzitsi ena amapereka malikisiwo kwa ana onse. Zonse ziwiri n'zotheka, bola ana onse achitiridwe mofanana. Koma pali malire amene mphunzitsi ayenera kuwadziwa. Pa ntchito ya m'kalasi mwake ali ndi ufulu wokonza yekha. Pa mayeso oyeserera a zoni yonse, amene sukulu zingapo zikulemba pepala limodzi n'kufananizidwa, sayenera kusintha mwakachetechete, chifukwa ana ake adzachongedwa ndi muyeso wina, a sukulu yoyandikana nayo ndi muyeso wina. Apo adziwitse mphunzitsi wamkulu, nkhani ifike kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoniyo, kuti onse ochonga asinthe pamodzi. Popereka nkhaniyo asangonena kuti nambala 7 ndi yolakwika. Asonyeze njira yonse, ndi kumene yankho lolakwikalo lachokera. Mnzanu savutika kuvomera mukamuonetsa kuti 20% ya K8,000 imafikitsa pa K9,600.

Ine ndimaona kuti ana nawonso ayenera kuuzidwa. Aphunzitsi ena amaopa kuti akanena kuti pepala linalakwa, ana adzayamba kukayikira chilichonse. Koma palibe phunziro la masamu lokoma kuposa kulemba 347 × 26 = 9,202 pa bolodi n'kufunsa kalasi kuti ipeze umboni wakuti yankholi silingakhale loona, osachulukitsa manambala onse. Mwana amene wadzipezera yekha kuti 350 × 26 ndi 9,100 waphunzira kuyesa yankho lake, luso limene adzalifuna m'chipinda cha mayeso, mmene mulibe womufunsa.

Inu makolo, mwana akabwera ndi kope lokhwatchidwa n'kumaumirira kuti anakhoza, musayambe ndi kumukalipira, musayambenso ndi kunyoza aphunzitsi. Muuzeni akuonetseni njira yake, abweze yankho m'funso inu mukuona, ndipo ngati likukwana, apite nalo mwaulemu kwa aphunzitsi ake mawa. Ndipo inu aphunzitsi, mukakonza pepala lotere musasunge nokha. Lembani zokonzazo pa pepala loyamba limene mumasunga mu ofesi, ndi tsiku lake, kenako jambulani mayankho anuwo muwabweze pa gulu lomwe lija munatengapo pepalalo, chifukwa sabata yomweyo aphunzitsi anzanu m'maboma ena akuchongera ana awo tsamba lomwelo.